Matebulo akachuluka m'lipoti, nenani komwe manambala akulowera

Lipoti lalikulu la kalembera wa anthu ndi nyumba wa mu 2018, lomwe ofesi ya boma ya NSO ku Zomba inatulutsa mu 2019, ndi buku la matebulo. Mawu alimo ndithu, koma mnofu wake ndi manambala oikidwa m'mizere yopingasa ndi yotsika, tsamba ndi tsamba. Taganizani za tebulo limodzi lokha, la chiwerengero cha anthu m'maboma. Dziko lino lili ndi maboma 28, ndipo mizinda inayi ya Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba amaiwerengera payokha. Mukaonjezerapo zigawo zitatu ndi mzere wa dziko lonse, mizere yakwana 36. Mzere uliwonse ukaonetsa amuna, akazi ndi onse pamodzi, pa makalembera awiri okha, manambala afika 216.

Tsono pali munthu amene amapatsidwa buku lotereli n'kuuzidwa kuti akafotokozere anzake mwachidule. Mwina ndi mlembi wa komiti ya chitukuko cha m'dera, mwina mtolankhani wa pa wayilesi, mwina mphunzitsi, mwinanso wogwira ntchito kukhonsolo amene akaime pamaso pa mafumu ndi makhansala. Nthawi yomwe wapatsidwa ndi mphindi zisanu. Ambiri akafika pamenepa amatsegula tsamba n'kuyamba kuwerenga kuchokera pamwamba: Chitipa akuti, Karonga akuti, Nkhata Bay akuti. Sachita izi chifukwa cha ulesi. Amaopa kusiyako kanthu, amaopa kunenedwa kuti aonjezera zam'mutu mwawo, ndipo kuwerenga nambala yonse mpaka kumapeto kumamveka ngati kulemekeza lipoti. Koma pofika pa mzere wachisanu ndi chimodzi omvera aiwala kale woyamba uja. Kwathu kuno vutoli limakula chifukwa manambala aakulu timawatchula m'Chingerezi ngakhale nkhani yonse ili m'Chichewa, ndiye agogo amene akhala kutsogolo amangomva phokoso la mamiliyoni ndi masauzande.

Gwero la vutoli n'lakuti tebulo analipangira maso. Maso amadumpha, amakwera ndi kutsika, amaika nambala iyi pambali pa inzake n'kuona kuti iyi yakula. Khutu silingathe kutero, limalandira chinthu chimodzi pa nthawi, ndipo chikadutsa chadutsa. Munthu akamawerenga tebulo mokweza, amapereka manambala onse koma n'kutaya chinthu chomwe tebulolo analipangira, chomwe ndi kuyerekeza. Choncho ntchito ya wofotokoza mwachidule ndi kuchita kuyerekezako iye mwini, ali yekha ndi pensulo, kenako n'kubweretsa kwa anthu zomwe wapeza. Mlimi mukamufunsa za kumunda sakuwerengerani mapesi. Amati chimanga chachita bwino kumtunda, kumunsi kudambo chafiira ndi madzi, ndipo chaka chino chaposa chatha. Wanena komwe zinthu zikulowera, wanena pomwe zasiyana, ndipo mwamva.

Tiyeni tigwire ntchitoyi pa tebulo lalifupi kwambiri m'nkhani ya kalembera, la chiwerengero cha dziko lonse. Chilandirire ufulu, Malawi wawerenga anthu ake kasanu ndi kamodzi kufika mu 2018. Mu 1966 anapezeka anthu 4,039,583. Mu 1977 anali 5,547,460, mu 1987 anali 7,988,507, mu 1998 anali 9,933,868, mu 2008 anali 13,077,160, ndipo mu 2018 anali 17,563,749. Ndikukhulupirira kuti pofika kumapeto kwa chiganizochi simukukumbukanso nambala ya mu 1977, chonsecho inu mukuwerenga ndi maso.

Choyamba kuchita ndi kudula michira ya manambalawa. Lembani pambali kuti 4.0, 5.5, 8.0, 9.9, 13.1 ndi 17.6, onsewa mamiliyoni. Palibe chomwe mwanama. Nambala yonse ikadali m'buku kwa amene akuifuna, koma tsopano mutu wanu ungathe kunyamula manambala onse asanu ndi limodzi nthawi imodzi. Mukatero dzifunseni funso losavuta: kodi zikukwera, zikutsika, kapena zaima? Pano zikukwera, ndipo palibe kalembera ngakhale mmodzi amene anapeza anthu ochepa kuposa wam'mbuyo mwake. Funso lotsatira ndi lakuti zakwera motani kuchokera poyambira kufika pothera. Gawani 17.6 ndi 4.0, mupeza 4 ndi kanthu pamwamba. Chiganizo chanu choyamba chapezeka: pa zaka 52, chiwerengero cha anthu m'Malawi chawirikiza kanayi ndi kupitirirapo, kuchoka pa 4 miliyoni kufika pa pafupifupi 17.6 miliyoni. M'chiganizochi muli manambala awiri okha ochokera m'tebulo, woyambira ndi wothera, ndipo munthu angathe kupita nacho kunyumba.

Ambiri amalekera pomwepa, koma nkhani yokoma ili pakati. Kukwera kuli ndi liwiro lake, ndipo liwirolo silikhala limodzimodzi nthawi zonse. Chotsani nambala iliyonse ku yotsatira yake kuti muone anthu oonjezereka. Kuchoka mu 1966 kufika mu 1977 anaonjezereka pafupifupi 1.5 miliyoni. Kenako 2.4 miliyoni, kenako 1.9 miliyoni, kenako 3.1 miliyoni, ndipo pomaliza pafupifupi 4.5 miliyoni. Mwaona pamene mzere wapindika? Oonjezereka amanka nachuluka ulendo uliwonse, kupatula pakati pa 1987 ndi 1998, pomwe anachepa kuyerekeza ndi zaka khumi zam'mbuyo mwake. Munthu wowerenga mizere mokweza amadutsa pamenepa osazindikira, chifukwa 9,933,868 ndi wamkulu kuposa 7,988,507 ndipo khutu limangomva kuti zakwera basi.

Apa pafunika kusamala ndi zaka. Makalembera athu sanatalikirane mofanana. Pakati pa 1966 ndi 1977 pali zaka 11, pakati pa 1977 ndi 1987 pali 10, ndipo pakati pa 1987 ndi 1998 palinso 11. N'chifukwa chake malipoti amakhala ndi mzere wina woonetsa kukula kwa pa chaka, kuti nyengo zotalika mosiyana ziyerekezeke mwachilungamo. Mzere umenewu ndi bwenzi la wofotokoza mwachidule, ndipo ndi bwino kuufunafuna musanayambe kuwerengera nokha. Ukuonetsa kuti chiwerengero chinkakula ndi 2.9 peresenti pa chaka kufika mu 1977, chinathamanga kufika pa 3.7 peresenti m'zaka zothera mu 1987, chinabwerera pa 2.0 peresenti m'zaka zothera mu 1998, kenako 2.8 ndi 2.9 peresenti m'makalembera awiri otsatira. Kunena izi m'mawu n'kosavuta: kwa zaka zambiri anthu akhala akuchuluka ndi pafupifupi atatu pa 100 aliwonse chaka ndi chaka, koma panali nyengo imodzi yothamanga kwambiri yomwe inatsatidwa ndi nyengo imodzi yoyenda pang'onopang'ono.

Womvera watcheru afunsa kuti, chinachitika n'chiyani? Pano m'pamene wofotokoza ayenera kudziwa malire a tebulo lake. Tebulo limanena zomwe zinapezeka, silinena chifukwa chake. Chifukwacho chimachokera kwina, m'mawu a lipoti lenilenilo kapena m'mbiri yodziwika bwino. Pa nkhani iyi mbiri ilipo. Kuyambira cha m'ma 1986 anthu ambiri othawa nkhondo ya ku Mozambique analowa m'dziko muno, makamaka m'maboma a m'malire monga Nsanje, Chikwawa, Mwanza, Ntcheu ndi Dedza, ndipo kalembera wa mu 1987 anapeza ena mwa iwo ali kuno. Pambuyo pake anachuluka mpaka kufika cha pa miliyoni imodzi. Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome mu 1992, ambiri anabwerera kwawo, moti pofika mu 1998 anali atapita. Zaka zomwezo ndi zimenenso matenda a Edzi anatenga miyoyo yambiri. Boma la Nsanje limaonetsa bwino nkhaniyi, chifukwa kumeneko chiwerengero chinatsika, kuchoka pa anthu opitirira 200,000 mu 1987 kufika pa pafupifupi 195,000 mu 1998, pamene dziko lonse linkakwera.

Ponena zimenezi, siyanitsani mawu anu kuti anthu amve pomwe tebulo lathera ndi pomwe kufotokoza kwanu kwayambira. Nenani kuti manambala akuonetsa kuti liwiro linatsika, ndipo chimodzi mwa zifukwa zodziwika ndi kubwerera kwa othawa nkhondo. Musanene kuti lipoti lapeza kuti chakutichakuti ndiye chinachititsa, ngati lipotilo silinanene choncho. Ine ndimaona kuti kulakwa kumeneku n'koopsa kuposa kuphonya nambala, chifukwa nambala yolakwika wina aikonza potsegula buku, koma chifukwa chongopeka chikatuluka pakamwa pa munthu wonyamula lipoti la boma chimayenda m'mudzi ngati choonadi.

Pali kachinthu kena kamene kamasokoneza anthu pa maperesenti. Lipoti la 2018 limati chiwerengero chinakwera ndi 35 peresenti kuchokera mu 2008, komanso limati chinkakula ndi 2.9 peresenti pa chaka. Wina agawa 35 ndi 10 n'kupeza 3.5, n'kuganiza kuti pena palakwika. Palibe cholakwika. Anthu oonjezereka chaka chino amalowa m'gulu lomwe chaka chamawa liwerengeredwe, ndiye 2.9 peresenti ya chaka chilichonse imatengedwa pa gulu lokulirapo kuposa la chaka chatha. Komanso kalembera wa 2008 anachitika mu Juni pamene wa 2018 anachitika mu Sepitembala, choncho pakati pake pali zaka khumi ndi miyezi ingapo. Pofotokozera anthu sankhani imodzi mwa nambala ziwirizi, osati zonse. Kwa omvera wamba, 35 peresenti imamveka bwino mukainena motere: pamene panali anthu atatu mu 2008, pofika mu 2018 panali anayi. Ngati mwasankha 2.9 peresenti, ithandizeni ndi kachiwerengero kodziwika kogawa 70 ndi nambala ya kukula kwa pa chaka. Mupeza 24, kutanthauza kuti liwiro limeneli likapitirira osasintha, chiwerengero chingawirikize kawiri pa zaka pafupifupi 24. Mawu akuti likapitirira osasintha musawasiye, chifukwa tebulo lomweli latisonyeza kale kuti liwiro limasintha.

Tsopano tibwerere ku tebulo lalikulu lija la mizere 36. Njira yake ndi yomweyo, koma pali sitepe ina yoyambirira. Maboma m'lipoti amaikidwa motsatira zigawo, kuchokera kumpoto kutsikira kummwera. Ndondomeko imeneyi imathandiza munthu wofuna kupeza boma lake, koma siinena kanthu za amene wakula kwambiri. Choncho yambani ndi mzere wa dziko lonse, muutenge ngati muyeso. Kenako yendani ndi pensulo m'mizere inayo, kuika chizindikiro pa imene yaposa muyesowo kwambiri ndi imene yatsalira kwambiri. Mizere yomwe ili pafupi ndi muyeso, imene nthawi zambiri ndiyo yochuluka, mudzainena ndi chiganizo chimodzi chokha, chakuti maboma ambiri akula mofanana ndi dziko lonse. Mphindi zanu zipite ku mizere yochepa imene yapatuka.

Zigawo zitatu zimatiphunzitsa msampha waukulu kwambiri pa ntchitoyi. Mu 1987, pafupifupi theka la anthu onse a m'Malawi linali m'chigawo chakummwera. Mu 1998 gawo limeneli linatsika kufika pa 47 peresenti, mu 2008 pa 45, ndipo mu 2018 pa 44. Munthu wothamanga aona manambala akutsikawa n'kulengeza kuti anthu akuchepa kummwera. Limeneli ndi bodza lalikulu ngakhale wanena mosadziwa. Mu 1987 kummwera kunali anthu pafupifupi 4 miliyoni, ndipo mu 2018 kunali 7,750,629, kutanthauza kuti anatsala pang'ono kuwirikiza kawiri. Chomwe chatsika ndi gawo la chigawochi pa anthu onse, chifukwa zigawo zina zakula mofulumirirapo. Chigawo chapakati chinachoka pa 39 peresenti kufika pa 43, ndipo chakumpoto chinachoka pa 11 kufika pa 13.

Nanga nkhaniyi tingainene bwanji kuti imveke bwino ndiponso ikhale yoona? Njira yabwino ndi kuyang'ana mpata wa pakati pa zigawo ziwiri zazikuluzi. Mu 1987 kummwera kunkaposa pakati ndi anthu opitirira 850,000. Mu 1998 mpatawo unatsika kufika cha pa 570,000, mu 2008 cha pa 350,000, ndipo mu 2018 cha pa 230,000. Nambala zimenezi simungazipeze zitalembedwa m'tebulo, mumazipeza nokha pochotsera. Koma ndizo zikunena nkhani yeniyeni: zigawo zonse zikukula, kummwera kukadali ndi anthu ambiri, koma chigawo chapakati chikuyandikira pa kalembera aliyense. Nthawi zonse mukaona peresenti ikutsika, funsani kuti ndi peresenti ya chiyani, ndipo yang'anani nambala ya anthu enieni musanatsegule pakamwa.

Mizinda ili ndi msampha wofanana nawo koma woyang'ana kwina. Pakati pa 2008 ndi 2018 mzinda umene unakula mofulumira kwambiri ndi Mzuzu, ndi 5.4 peresenti pa chaka, pamene Lilongwe unakula ndi 3.8 peresenti ndipo Blantyre ndi 2.0 peresenti. Koma Mzuzu unachoka pa anthu pafupifupi 130,000 kufika pa 221,272, kutanthauza kuti oonjezereka anali cha pa 90,000. Lilongwe unachoka pa pafupifupi 670,000 kufika pa 989,318, oonjezereka oposa 300,000. Anthu oonjezereka okha ku Lilongwe ndi ochuluka kuposa anthu onse a mumzinda wa Mzuzu. Ndiye mukati Mzuzu ndiwo wakula kwambiri, mwanena zoona kumbali ya liwiro, koma womvera angamve ngati ndi kumene kwapita anthu ambiri. Malo aang'ono amaonetsa maperesenti aakulu mosavuta chifukwa poyambira pake m'pochepa. Nenani zonse ziwiri m'chiganizo chimodzi: Mzuzu ukukula mofulumira kuposa mizinda yonse, koma Lilongwe ndi umene walandira anthu ambiri. Ngati nthawi ilipo, onjezerani pomwe mizere iwiri inadutsana. Mu 1998 Blantyre unali ukadali mzinda waukulu, ndi anthu pafupifupi 502,000 pamene Lilongwe unali ndi 440,000. Pofika mu 2008 Lilongwe, womwe unakhala likulu la dziko mu 1975, unali utapitirira.

Kusasuntha nakonso ndi nkhani, ndipo ofotokoza ambiri amakudumpha poganiza kuti palibe chonena. Ndi mizinda ikukula chonchi, munthu angayembekezere kuti Amalawi ambiri tsopano ali m'tauni. Koma gawo la anthu okhala m'mizinda ndi m'matauni linali pafupifupi 14 peresenti mu 1998, 15 peresenti mu 2008 ndi 16 peresenti mu 2018. Pa zaka makumi awiri langosuntha pang'ono, chifukwa kumudzi nakonso anthu akuchuluka ndi liwiro losatalikirana kwenikweni ndi la m'tauni. Pa anthu 100 aliwonse, 84 anali akadali kumudzi mu 2018. Kwa khonsolo imene ikuganiza za komwe imange sukulu kapena kukumba mjigo, chiganizo chimenechi n'cholemera kuposa mizere makumi awiri yowerengedwa mokweza.

Musanakhulupirire kuti mwapeza komwe manambala akulowera, onetsetsani kuti zomwe mukuyerekeza ndi zinthu zofanana. Malire a maboma amasintha. Lipoti la kalembera wa 1998 linaonetsa boma la Mwanza lili ndi anthu pafupifupi 138,000, ndipo la 2008 linaonetsa pafupifupi 93,000. Wongoika mabuku awiriwa pambali n'kuchotsera anganene kuti anthu athawamo m'boma la Mwanza. Chomwe chinachitika n'chakuti pakati pa makalembera awiriwa Neno anapatulidwa ku Mwanza n'kukhala boma palokha, ndipo mu 2008 kumeneko kunali anthu pafupifupi 107,000. Mukaphatikiza maboma awiriwa mupeza cha pa 200,000, ndiye deralo linakula kwambiri. Chizindikiro cha vuto lotere n'chosavuta kuona: mzere umodzi ukagwa kapena kudumpha modabwitsa pamene anzake onse akuyenda bwinobwino, kaikirani kaye kawerengedwe musanakaikire anthu. Yang'anani mawu ang'onoang'ono a pansi pa tebulo, ndipo onani ngati pali dzina latsopano lomwe m'buku lakale munalibe.

Kawerengedwe nako kamasiyana. Pa kalembera wa 2008 mungakumane ndi nambala ziwiri za dziko lonse, 13,077,160 ndi 13,029,498, ndipo zonse n'zoona. Yoyamba ndi ya anthu onse amene anapezeka m'dziko muno pa nthawi ya kalembera, kuphatikizapo alendo. Yachiwiri ndi ya anthu okhazikika pamalo omwe anawerengedwapo. Lipoti la 2018 poyerekeza limagwiritsa ntchito yachiwiriyi. Pa dziko lonse kusiyanaku n'kochepa, sikufika pa 50,000, ndipo mukadula michira nonse mukhala pa 13 miliyoni. Koma pa boma laling'ono kapena mzinda wodzaza alendo, kutenga nambala ina m'buku ili ndi ina m'buku lija kungasinthe peresenti yanu moonekera. Ngati lipoti lomwe muli nalo laika kale zaka zakale pambali pa zatsopano, gwiritsani ntchito zimenezo, chifukwa olemba ake anazikonza kuti zifanane.

Mawu amene timasankha nawonso amanyamula muyeso. Kunena kuti zakwera pang'ono, zakwera kwambiri, zawirikiza kapena zaima, ndi kuweruza, ndipo omvera amakhulupirira chiweruzo chanu popeza iwo tebulo saliona. Choncho liwu lililonse lotere likhale ndi nambala kumbuyo kwake yomwe mungaloze wina akafunsa. Kuchoka pa 15 kufika pa 16 peresenti ndi pang'ono. Kuchoka pa 4 miliyoni kufika pa 8 miliyoni ndi kuwirikiza kawiri. Mawu akuti zikunka zikwera asungireni pomwe muli ndi zaka zitatu kapena kupitirira zoloza kumodzi. Ngati muli ndi zaka ziwiri zokha, nenani kuti chaka ichi chaposa chija, basi. Wina akanangoona 3.7 ya mu 1987 ndi 2.0 ya mu 1998, akanalengeza kuti kukula kwa chiwerengero kukunka kutsika, ndipo kalembera wa 2008 akanamutsutsa.

Tikasonkhanitsa zonsezi, munthu woima pamaso pa msonkhano angathe kunena motere, ndipo sizimutengera mphindi ziwiri:

“Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 17.6 miliyoni m'dziko muno. Pamene panali anthu atatu mu 2008, pofika mu 2018 panali anayi, ndipo kuyambira mu 1966 chiwerengero chinali chitawirikiza kanayi. Zigawo zonse zitatu zakula. Kummwera kukadali ndi anthu ambiri, koma chigawo chapakati chatsala pang'ono kufanana nako, ndipo kumpoto kuli anthu 13 pa 100 aliwonse. M'mizinda, Mzuzu ukukula mofulumira kuposa yonse, koma Lilongwe ndi umene walandira anthu ambiri ndipo mu 2018 unali utatsala pang'ono kufika pa miliyoni imodzi. Ngakhale zili choncho, anthu 84 pa 100 aliwonse akadali kumudzi, ndipo zimenezi sizinasinthe kwenikweni pa zaka makumi awiri. Nambala za boma lililonse zili m'lipoti, ndipo amene akufuna ya kwawo ndimuwerengera.”

Onani mmene mawuwa ayendera. Ayamba ndi chachikulu, dziko lonse, kenako atsikira ku zigawo, kenako ku mizinda, n'kuthera pa chinthu chimene womvera sanachiyembekezere. Manambala enieni alimo ochepa, ndipo aliwonse aikidwa pambali pa china choyerekeza nacho. Nambala yoima yokha, monga kungoti Mangochi kuli anthu 1,148,611, siuza munthu kanthu pokhapokha adziwe ngati ndi ambiri kapena ochepa poyerekeza ndi kale kapena ndi kwina.

Mukamaliza kulemba chidule chanu, chiyeseni m'njira ziwiri. Poyamba bwererani ku lipoti ndi chiganizo chilichonse, muike chala pa mzere umene ukuchichitira umboni. Chiganizo chosowa poloza chichotsedwe, kapena chinenedwe poyera kuti ndi maganizo anu. Kenako werengerani munthu amene lipotilo sanalione, mumupemphe akubwezereni zomwe wamva. Akati anthu akuchepa kummwera, kapena Mzuzu waposa Lilongwe, dziwani kuti chiganizo chanu n'chimene chapotoka, ngakhale nambala zake zili zolondola, ndipo chikonzeni musanapite nacho kugulu. Funsaninso mtima wanu ngati pali mzere umene mwausiya chifukwa ukusokoneza nkhani yanu yokoma. Mzere wotero, monga wa Nsanje uja, ndi umene uyenera kutchulidwa.

Pali nthawi zina pomwe mzere uyenera kuwerengedwa wonse, mpaka nambala yomaliza. Ngati msonkhano uli wa boma limodzi, mzere wa bomalo ndi wa omvera anuwo, ndipo ayenera kuumva wathunthu, kenako muwauze ngati akula mofulumira kapena mochedwa kuposa dziko lonse. Ngati nambalayo ikagwiritsidwa ntchito pogawa ndalama, mabuku a sukulu kapena mankhwala, kudula michira sikuloledwa, chifukwa anthu 400 otayika podula ndi anthu enieni amene asowe gawo lawo. Zikatero lembani nambalayo pa bolodi kapena gawani pepala lokhala ndi tebulolo, mutchule tsamba lomwe yachokera, kuti amene akulemba zokambirana aikopere ndi maso m'malo moidalira khutu.